Funso la matumba a feteleza: kulemba H0 ndi H1 ndi kumasulira p

Selesitina, Ulongwe

Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni funso 4 pa pepala ndajambulali. Ndi la mayeso a sitatisitiki a chaka chatha, ndipo ife tikulemba athu Lachisanu. Lili m'Chipwitikizi, koma kwa amene chithunzi chikukana kutseguka, likunena chonchi. Kampani ina imalemba 50 kg pa matumba ake a feteleza. Gulu la alimi layeza matumba 36 otengedwa mosasankha, avereji yake yatuluka 49,4 kg, ndipo apereka nambala ina, 1,8 kg, yosonyeza mmene matumbawo akusiyanirana kulemera. Akufuna tilembe H0 ndi H1, tipeze p, tigamule pa mlingo wa 5%, kenako tifotokoze m'mawu wamba kuti p ameneyo akutanthauza chiyani.

Ine ndalemba H0 kuti avereji ndi 49,4 ndipo H1 kuti avereji ndi 50. Kenako ndachotsa 50 pa 49,4 n'kugawa ndi 1,8, ndapeza −0,33. Ndikuona ngati china chake sichikuyenda koma sindikuchipeza.

Zakeyu, Tsangano

Mwagawa ndi nambala yolakwika achemwali. Yambani mwagawa 1,8 ndi √36, yomwe ndi 6, mupeza 0,3. Ndiye −0,6 kugawa ndi 0,3 ikupatsani −2. Pa tebulo la z, −2,00 ndi 0,0228. Ndi yochepa kuposa 0,05, choncho mukana H0. Tanthauzo lake, mwayi woti kampaniyo ikunena zoona ndi 2 pa 100 basi.

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

A Zakeyu, −2 uja mwakhoza, koma chiganizo chanu chomaliza chingawadyere mamalikisi onse a gawo lomasulira. Tifikako. Tiyambe ndi poyambira.

Selesitina, 49,4 sangalowe mu H0 kapena mu H1. Nambala imeneyo mwaiona kale pa sikelo, palibe choikayikira. Chimene sitikuchidziwa ndi avereji ya matumba onse amene kampaniyo imadzaza, masauzande amene palibe anawayeza. Imeneyo ndiye timailemba μ, ndipo H0 ndi H1 zimakamba za iyo yokha. Matumba 36 aja ndi mboni chabe.

H0 ndi zimene zalembedwa pa thumba, kuti μ = 50. H1 ndi dandaulo la alimi. Apa ndiye pali vuto, chifukwa chithunzi chanu chadula mbali yakumanja, ndipo chala chaphimba mawu amene akunena dandaulolo. Ngati akufunsa ngati matumba ndi opepuka kuposa 50, H1 ndi μ < 50. Ngati akufunsa ngati kulemera kwake kukusiyana ndi 50, H1 ndi μ ≠ 50. Pa nambala zimenezi, mawu amodzi amenewo angathe kusintha yankho lonse.

Jambulaninso. Yalani pepala patebulo, foni ikhale pamwamba penipeni, ndipo mzere wa 1,8 uonekenso bwino. Ndikufuna ndione ngati alemba s kapena σ.

Selesitina, Ulongwe

Zikomo aphunzitsi, pepala lili ndi mnzanga, ndijambula akabwera. Koma ndifunseko. Bwanji H0 isakhale maganizo a alimi? Si iwo amene ayambitsa nkhaniyi?

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Ganizirani mlandu pabwalo la amfumu. Wina akati mnzake waba mbuzi, amfumu sayamba ndi kukhulupirira kuti wabadi. Amayamba ngati sanabe, kenako amamva umboni, n'kuona ngati umboniwo ungagwirizane ndi munthu wosalakwa. Wodandaula ndiye amasenza katundu wobweretsa umboni. Apa wodandaula ndi alimi, choncho mawu awo amapita ku H1.

Palinso chifukwa cha masamu enieni. Kuti tiwerengere p tiyenera kukhala ndi nambala imodzi yoimapo. Mawu akuti avereji ndi 50 akutipatsa nambala. Mawu akuti avereji ndi yochepera 50 satipatsa, chifukwa ingakhale 49,9 kapena 47. N'chifukwa chake chizindikiro cha = chimakhala ku H0 nthawi zonse. Mabuku ena amalemba μ ≥ 50 m'malo mwa μ = 50. Zonse ndi zovomerezeka ndipo kawerengedwe kake sikasintha, poti timaimabe pa 50. Onani mmene mphunzitsi wanu amalembera pa bolodi, mutsate zomwezo.

Bambo Mbewe, Fulankungu

Pepani kulowerera, ine si wa sukulu koma nkhani ya matumba ndimaidziwa. Thumba lolembedwa 50 likalemera 49,4 ndiye kuti laperewera, palibe zofunsa tebulo. Sabata yatha thumba lina la yuriya linalemera 48 pa sikelo yanga. Masamu onsewa ndi a chiyani pamene sikelo yanena kale?

Mayi Nambewe, Domwe

Bambo Mbewe, funso lanu ndi lenileni, ndipo yankho lake ndi lomwe likusoweka kwa Selesitina pa −0,33 wake uja.

Makina odzaza matumba salasa 50 ndendende nthawi zonse. Lina limatuluka 51, lina 48,5, lina 50,2. Nambala ya 1,8 ikunena kukula kwa kusiyana kumeneko pakati pa thumba ndi thumba. Ngati makina akulunjikadi pa 50 koma akusiyanitsa ndi 1,8, matumba pafupifupi 13 pa 100 aliwonse alemera 48 kapena kutsika apo, ndipo ena ochuluka chimodzimodzi alemera 52 kapena kuposa. Choncho thumba lanu la 48 laperewera ndithu, muli ndi ufulu wodandaula, koma palokha silikutiuza ngati makinawo anawatchera pansi. Funso la pa pepalali likufunsa za makina, osati za thumba limodzi.

Tsono avereji ya matumba ambiri simagwedezeka ngati thumba limodzi. Mukayeza 36, opepuka ndi olemera amakwirirana. Mutatenga matumba 36 lero, ena 36 mawa, ena 36 mkuja, ma avereji ake akhoza kukhala 50,2, kenako 49,8, kenako 50,1. Amayandikana kwambiri. Kugwedezeka kwa avereji timakupeza pogawa 1,8 ndi √36, n'chifukwa chake a Zakeyu apeza 0,3.

Ndiye Selesitina, pamene munagawa ndi 1,8 munayeza avereji ndi muyeso wa thumba limodzi. Kuperewera kwa 0,6 kg pa thumba limodzi si kanthu, ndi gawo limodzi mwa atatu la kusiyana kwa masiku onse. Koma kuperewera kwa 0,6 pa avereji ya matumba 36 ndi mapazi awiri athunthu a 0,3. Ndiye −2 uja.

Cholakwa china chimene ana ambiri amachita ndi kugawa ndi 36 m'malo mwa 6. Amapeza 0,05, kenako −12. Pa funso la mayeso mukaona nambala yaikulu chotero, bwererani mukaone ngati simunaiwale chizindikiro cha √.

Bambo Mbewe, Fulankungu

Ndamva mayi. Koma 48 uja sindinamuiwale.

Selesitina, Ulongwe

Chithunzi chatsopano ndi ichi. Pamene panali chala palembedwa “inferior a 50 kg”. Pa 1,8 alemba s, ndipo akuti yachokera m'matumba 36 omwewo.

Luwizi, Tete

Ndiye zinthu ziwiri zadziwika. Poti akufunsa ngati ndi yochepera, tiyang'ana mbali imodzi yokha, yakumanzere:

```
H0: μ = 50
H1: μ < 50
t = (49,4 − 50) / (1,8 / √36) = −2,0
```

Ndalemba t osati z mwadala. Tebulo la z ndi la pamene kusiyana kwa matumba onse a kampaniyo kukudziwika kale, ndiye σ. Apa 1,8 yachokera m'matumba 36 omwewo, nayonso ndi yongoyerekeza. Mutayeza ena 36 mwina ingatuluke 1,6 kapena 2,0. Tebulo la t limawonjezera kampata ka kukayikira kumeneko. Mzere woyang'ana ndi n − 1, kutanthauza chiwerengero cha matumba oyezedwa kuchotsapo 1, apa ndi 35.

Amene muli ndi kompyuta, mu Excel ya Chipwitikizi lembani mzere woyambawu, ya Chingerezi wachiwiri, mu pulogalamu ya R wachitatu:

```
=DIST.T(-2;35;1)
=T.DIST(-2,35,TRUE)
pt(-2, 35)
```

Zonse zipereka pafupifupi 0,027. Excel ikakana, nthawi zambiri vuto ndi makoma. Pa makina amene amalemba 49,4 ndi koma, zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi ; osati koma.

M'chipinda cha mayeso mulibe kompyuta, ndiye tebulo la t silikupatsani p ndendende, limangomutsekera pakati. Pa mzere wa 35, mbali imodzi, pansi pa 0,05 pali 1,690 ndipo pansi pa 0,025 pali 2,030. Wathu 2,0 ali pakati pa ziwirizi, kufupi ndi 2,030. Mulemba kuti p ali pakati pa 0,025 ndi 0,05, zokwanira kugamula. Matebulo ambiri amadumpha kuchoka pa 30 kufika pa 40. Zikatero tengani mzere wa 30, pali 1,697 ndi 2,042, chigamulo sichisintha.

Zakeyu, Tsangano

Koma ife anatiphunzitsa kuti n ikafika 30 kapena kuposa timagwiritsa ntchito z. Mabuku ambiri amatero. Apa n ndi 36. Ndiye 0,0228 wanga walakwa pati?

Luwizi, Tete

Mabuku ambiri amaterodi, sindikutsutsa. Lamulo la 30 linali lothandiza pamene anthu ankadalira matebulo a papepala okha, chifukwa n ikamakula t amayandikira z. Pa funso ili, 0,023 ndi 0,027 onse ali pansi pa 0,05, ndiye mufika pamodzi.

Koma taonani zikanakhala kuti pansi pa chala paja panalembedwa kuti “diferente de”. Tikanayang'ana mbali zonse ziwiri, p n'kumuchulukitsa kawiri. Ndi z mupeza 0,046, mukana H0. Ndi t mupeza 0,053, simukana. Matumba omwewo, sikelo yomweyo, zigamulo ziwiri. Apa ndi pamene ndimati z amadzikhulupirira mopitirira, chifukwa amatenga 1,8 ngati nambala yotsimikizika pamene siili choncho.

Zakeyu, Tsangano

Komabe amene akachonge pepala ndi mphunzitsi wawo, si Excel. Ngati pa pepala la mayankho pali z, t wanuyo akawapindulira chiyani?

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Apa a Zakeyu ali ndi mfundo. Selesitina, onani tebulo limene amamata kumapeto kwa pepala la mayeso. Ngati apereka la z lokha, akuyembekezera z, ndipo mulembe mzere umodzi wonena kuti mwagwiritsa ntchito z chifukwa n yaposa 30. Ngati apereka onse awiri ndipo funso lalemba s, ine ndingatenge t, n'kulemba chifukwa chake. Wochonga akaona chifukwa cholembedwa savutika kutsata njira yanu.

Tsopano tibwerere ku chiganizo chija, chakuti mwayi woti kampani ikunena zoona ndi 2 pa 100. Tayang'anani mmene p tamupezera. Mu fomula tinaikamo 50. Ndiye kuti tinayamba ndi kuyerekeza kuti kampani ikunena zoona, n'kufunsa kuti, zikakhala choncho, avereji yotsika ngati imene tapezayi ingatuluke kangati? Nambala imene yabadwa poyerekeza kuti H0 ndi yoona singatembenuke n'kutiuza mwayi woti H0 ndi yoona.

M'mawu wamba, nenani chonchi. Tiyerekeze kuti makina akudzazadi 50 kg pa avereji. Magulu 1000 a alimi, lililonse liyeze matumba ake 36. Mwa magulu amenewo, pafupifupi 27 okha ndi amene angapeze zotsatira zotsika ngati zathuzi kapena kutsika kuposa apa, popanda wina kuba kalikonse. Ameneyo ndiye 0,027. Poti zimenezi sizichitika kawirikawiri, timati zimene taona sizikugwirizana bwino ndi 50.

Musasiye mawu akuti kapena kutsika kuposa apa. Sitikufunsa mwayi wopeza 49,4 ndendende, tikuwerenga mchira wonse wakumanzere, kuyambira pamene tagwera kupita kunsi.

Zakeyu, Tsangano

Aphunzitsi, mwaulemu, ine ndikuona ngati ndi chinthu chimodzi chonenedwa mozungulira. Ngati zimachitika kawiri kapena katatu pa 100 kampani ikakhala yoona, si ndiye kuti mwayi woti ndi yoona ndi womwewo?

Luwizi, Tete

Achimwene, yesani ndi ichi. Mwa anthu onse okhala m'chigawo cha Tete, ndi angati amene amagwira ntchito m'migodi ya malasha ku Mowatize? Ochepa kwambiri. Tsono tembenuzani. Mwa amene amagwira ntchito m'migodi ya ku Mowatize, ndi angati amene amakhala m'chigawo cha Tete? Pafupifupi onse. Mawu ndi omwewo, tangosintha kuti tikuyambira pati, koma mayankho atalikirana.

Ndi p zilinso choncho. Iye amayambira pa kampani yoona, n'kufunsa za sikelo. Inu mukufuna kuyambira pa sikelo, n'kufunsa za kampani. Kuti muyankhe funso lanulo mufunika kudziwa zina zimene pepala silinapereke. Kampani imene makina ake amayesedwa mwezi ndi mwezi, ndi ina imene inagwidwapo kale ikupereweza, zonse zikhoza kutulutsa p wa 0,027, koma simungazikayikire mofanana.

Zakeyu, Tsangano

Chitsanzo cha migodi chandilowa. Ndichotsa chiganizo chija. Za z zokha sindinagonje.

Selesitina, Ulongwe

Ndiye zikanakhala za mbali ziwiri zija, p n'kukhala 0,053, ndikanalemba kuti tavomereza H0, matumba ndi a 50 kg?

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Ayi mwanawe, pamenepo ndi pamene ambiri amagwa. Mukanalemba kuti sitikukana H0, umboni sunakwane kunena kuti avereji ikusiyana ndi 50. Kubwalo kuja, amfumu akati umboni waperewera sakunena kuti aona ndi maso kuti mbuzi sinabedwe.

Onani ndi nambala. Tiyerekeze kuti alimi aja anayeza matumba 9 okha, n'kupeza avereji yomweyo ya 49,4 ndi s yomweyo ya 1,8. Tsopano tigawa 1,8 ndi 3, tipeza 0,6, ndipo t ndi −1. Pa mzere wa 8, mbali imodzi, p ndi pafupifupi 0,17. Sitikana H0. Kodi matumba alemera tsopano? Ayi, kuperewera ndi komwe kuja kwa 0,6 kg. Mboni zangochepa.

Ngakhale ndi matumba 36, ukondewu uli ndi mabowo aakulu. Kuti tikane H0 pa 5%, avereji iyenera kutsika kufika cha pa 49,5, chifukwa 1,69 kuchulukitsa ndi 0,3 ndi pafupifupi theka la kilo. Ndiye ngati makina anawatcheradi pa 49,5, kuyeza matumba 36 kungawagwire pafupifupi theka la nthawi basi. Theka linalo angapulumuke. Munthu wodziwa zimenezi sangalembe kuti tatsimikiza kuti matumba ndi a 50.

Komanso 0,046 ndi 0,053 ngati umboni ndi pafupifupi chinthu chimodzi. Mzere wa 0,05 ndi mgwirizano wa anthu, unafala kuchokera m'zolemba za Ronald Fisher za m'ma 1920. Pa mayeso muutsate poti funso lanena 5%, koma lembaninso p weniweniyo kuti wowerenga adzionere yekha kuti mwadutsa pafupi bwanji. Funso lomweli likanati 1%, 0,027 akanakhala wamkulu kuposa 0,01 ndipo simukanakana.

Bambo Mbewe, Fulankungu

Tsono poti mwakana H0 wanuyo, ndiye kuti kampaniyo ndi yakuba, eti? Alimi apite nazo kuti?

Mayi Nambewe, Domwe

Pang'onopang'ono bambo. Chimene p wanena n'chakuti kuperewera kumeneku n'kovuta kukufotokoza ndi mwayi wokha. Sananene chimene chachititsa. Zikanakhala zenizeni osati za papepala, ndisanaloze munthu chala ndikanayamba ndaona zinthu zitatu.

Choyamba sikelo. Sikelo ikamawerenga theka la kilo pansi, matumba onse 36 atsika limodzi, ndipo kuyeza ambiri sikukonza kanthu. Muyeze 360, p angochepera, inu n'kumakondwa kuti umboni wakula pamene mukuyeza kulakwa kwa sikelo yanu. Sikelo zokoloweka za sipuling'i zimatopa. Muyese kaye ndi chinthu chodziwika kulemera. Ngati mulibe mwala woyesera, malita 20 a madzi oyezedwa bwino ndi makilo 20, mutachotsa kulemera kwa chigubu. Muyesenso pafupi ndi 50, chifukwa sikelo ikhoza kukhoza pa 20 n'kuphonya pa 50.

Kenako katengedwe ka matumba. Pepala lati otengedwa mosasankha, ndipo masamu onsewa atsamira pa mawu amenewo. Mu nyumba yosungira katundu anthu amatenga matumba a pamwamba ndi a kukhomo poti ndi osavuta kunyamula, kapena amatola amene akuoneka ofota poti akukayikira kale. Mukatero p alibenso tanthauzo. Njira yake ndi kulemba manambala pa matumba onse, kuchita maere, n'kufukula amene maere agwera ngakhale ali pansi pa mulu. Ndipo 36 onse akachokera pa lole imodzi, mukunena za lole imeneyo, osati za kampani yonse.

Chachitatu ndi njira imene thumba layenda. Pakati pa fakitale ndi Angoniya thumba limakwezedwa ndi kutsitsidwa kangapo, lina limabooka, lina limasokedwanso. Yang'anani msoko wa pakamwa. Ulusi wa makina a kufakitale umayenda mzere umodzi wowongoka, ndipo thumba lotsegulidwapo limaonetsa timabowo ta msoko wakale.

Za kukula kwa nkhaniyo, musafunse p, funsani 0,6. Ndi 1,2 pa 100 ya thumba. Kwa wogula matumba awiri ndi kilo imodzi ndi pang'ono. Kwa gulu logula matumba 500 ndi makilo 300, matumba 6 athunthu amene alipiridwa koma sanafike.

Luwizi, Tete

Ndiwonjezere pa 0,6 ameneyo. Nayenso ndi woyerekeza. Mukatenga 2,03 kuchulukitsa ndi 0,3 mupeza 0,61, ndiye malire a 95% a avereji yeniyeni ndi kuyambira 48,79 kufika 50,01. Kuperewera kwenikweni kungakhale kopitirira kilo, kungakhalenso pafupifupi ziro.

Selesitina, Ulongwe

Dikirani achimwene, mwandisokonezanso. Malire anuwo 50 ali mkati. Ndiye tikukana bwanji kuti ndi 50?

Luwizi, Tete

Mwaona bwino. Malire amenewo ndi a mbali ziwiri, amayenda limodzi ndi 0,053 uja, n'chifukwa chake 50 walowa pang'ono pokha. Funso lanu ndi la mbali imodzi, ndipo mnzake ndi malire a pamwamba okha: 49,4 kuwonjezera 1,69 kuchulukitsa ndi 0,3, zomwe ndi 49,91. Apo 50 ali kunja. Palibe kutsutsana, ndi mafunso awiri osiyana. Pa pepala lanu musaike malire a mbali ziwiri poti sanakufunseni, angakusokonezereni yankho.

Zakeyu, Tsangano

Ndiye munthu wochenjera angoyang'ana kaye avereji, akaona kuti yatsika asankhe mbali imodzi, p achepe ndi theka.

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Anthu amachitadi zimenezo, ndipo ndi kubera. Mbali imasankhidwa sikelo isanakhudzidwe, kuchokera pa funso limene muli nalo. Mukadikira kuona kumene avereji yagwera kenako n'kuloza komweko, ndiye kuti mbali zonse ziwiri munali nazo m'thumba. Mwayi wanu wonamizira kampani yosalakwa sukhalanso 5 pa 100, umakhala 10 pa 100, pamene pa pepala mwalemba 5.

Alimi ali ndi chifukwa chomveka choyang'ana pansi pokha, poti thumba lolemera kuposa 50 siliwapweteka. Woyang'anira makina kufakitale ayenera kuyang'ana mbali zonse, chifukwa kudzaza mopitirira ndi kuluza kwa kampani. Pa mayeso zimenezi anakusankhirani kale, zili m'mawu a funso. Mukaona mawu onena kuchepera, kutsika kapena kupitirira, ndi mbali imodzi. Mukaona onena kusiyana kapena kusintha, ndi ziwiri.

Mayi Nambewe, Domwe

Aphunzitsi, pa ichi ine ndimasiyana nanu pang'ono. Kunja kwa mayeso ndimakonda mbali ziwiri ngakhale kwa alimi. Avereji itatuluka 51,5 ndingafune kudziwa chifukwa chake, poti yuriya amakoka chinyezi, ndipo thumba losungidwa ponyowa likhoza kulemera ndi madzi n'kuumbika miyala. Kulemera kopitirira si nthawi zonse pamene kuli mphatso.

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Ndi zomveka mayi. Pamenepo funso lanu lasintha, mukufunsa ngati katundu ali mmene ayenera kukhalira, ndiye mbali ziwiri n'zoyenera. Bola mwasankha musanayeze.

Selesitina, Ulongwe

Ndalembanso, tandionereni.

μ ndi avereji ya kulemera kwa matumba onse a kampaniyo. H0: μ = 50. H1: μ < 50. Poti s yachokera m'matumba oyezedwa, ndagwiritsa ntchito t ndi n − 1 = 35. Ndapeza t = −2,0 ndipo p ali pakati pa 0,025 ndi 0,05, pafupifupi 0,027. Poti p ndi wochepa kuposa 0,05 ndikukana H0. Izi zikutsimikiza kuti matumba a kampaniyi salemera 50 kg. Tanthauzo la p: makina akanakhala kuti akudzazadi 50 kg pa avereji, kuyeza matumba 36 kukanapereka zotsatira zotsika chonchi kapena kuposa apa pafupifupi katatu pa 100.

Aphunzitsi Phiri, Mowatize

Chiganizo cha p chili bwino, musachikhudze. Konzani chapakaticho. Mawu akuti zikutsimikiza ndi olemera kwambiri, poti katatu pa 100 kaja kakhoza kukhala kameneka. Ndipo si matumba amene salemera 50, ena mwa 36 aja ayenera kuti anapitirira. Lembani kuti pa mlingo wa 5% pali umboni wokwanira wonena kuti avereji ya kulemera kwa matumba ndi yochepera 50 kg. Pomasulira m'Chipwitikizi muonetsetse kuti mawu a avereji ndi a mlingo wa 5% sanagwe m'njira.

Selesitina, Ulongwe

Ndakonza. Ndayang'ananso kumapeto kwa pepala monga munanenera, amata matebulo onse awiri, koma la t likudumpha kuchoka pa 30 kufika pa 40.

Luwizi, Tete

Tengani mzere wa 30 ndipo mulembe pambali kuti 35 mulibe m'tebulo. 2,0 akadali pakati pa 1,697 ndi 2,042.

Zakeyu, Tsangano

Tebulo lopanda 35 pa funso la matumba 36, ine ndikuona kuti wolemba funso ankafuna z. Achemwali, mufunse mphunzitsi wanu Lachisanu lisanafike, mudzatiuze kuno chimene ayankhe.